Chimene Laurindo Sanalembe pa Mndandanda

Mlamu wanga Laurindo sagulitsa chinthu popanda pepala. Ngakhale mutafuna chingwe chimodzi chokha, akukhazikani pansi ndi kulemba zinthu zitatu: dzina la chinthucho, chifukwa chake, ndi chimene mutaya pochisankha. Mlongo wanga amati tsiku lomufunsira ukwati anangotsala pang'ono kubwera ndi pepala.

Anabadwira ku Malawi, makolo ake atathawa nkhondo, ndipo anabwerera ku Zóbuè ali mwana. Ntchito ya malasha itatentha anatsikira ku Moatize ngati tonsefe, nayamba kukonza makompyuta pa kakampani kena konyamula katundu wa kumgodi. Mtengo wa malasha utagwa kampaniyo inatseka, iye nagula makina amene inkataya, nawaunjika m'kachipinda kake kudera la 25 de Setembro. Ine sindikonda kulowamo. Dzuwa likuswa mtengo kunja, m'katimo mumakhala mdima ndi fumbi lakuda, ndipo mamonitori ozima ali ndandanda pathandala, iliyonse ikukuonetsa nkhope yako yomwe.

Mu Julayi 2017 kunabwera mayi Hortênsia a ku Zóbuè. Amuna awo, a Silvério, ankayendetsa galimoto pa kampani yomwe ija, ndipo anafa pangozi ya chapa, minibasi ya kwathu kuno, akubwerera kuntchito tsiku la Chaka Chatsopano, mu 2012. Mayiwo anali atagulitsa njinga yamoto ya malemuwo kuti atsegule kaloja, kasitolo kolembera anthu makalata ndi kusindikiza mapepala. Makina osindikizira anali atagula kale, ndipo ndalama zotsala zinali zochepa. Laurindo anatenga cholembera.

Purosesa: i3 yakale, yotulutsa yokha chithunzi. Makalata safuna pulaka ya vidiyo. Mutaya: kukonza mafilimu a ukwati.

Memoriya: magiga anayi, ndodo imodzi, malo ena akhale odzawonjezera. Mutaya: liwiro mukatsegula zambiri nthawi imodzi.

Disiko: SSD yatsopano ya magiga 120. Imadzuka msanga, ndipo siopa mabampu a m'chapa. Mutaya: malo. Zithunzi muzisungira pa fulashi.

Fonte, yogawa magetsi m'kati: yatsopano. Apa sitichepetsa, chifukwa yotchipa ikamafa imatha kufa ndi zinzake.

UPS: magetsi akathima muthe kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwino. Mutaya: monitori yatsopano, mutenga yakale.

Pulaka-mai, pamene zonsezi zimakhala: yakale, ndaiyesa masiku atatu. Mutaya: garantiya.

Pansi penipeni anawonjezera kuti mvula ikayamba azizula mawaya onse potseka loja, chifukwa UPS siletsa mphenzi.

Miyezi inayi zonse zinayenda bwino. Kumapeto kwa Novembala kumapiri kunayamba kugunda, ndipo mayi Hortênsia, munthu womvera, anayamba kuzula mawaya onse. M'mawa mwake kompyuta inaima ndi mawu achingerezi amene sanawamve. Anadina batani limene inapempha, ndipo inapitirira. Anasindikiza kalata ya mphunzitsi wina. Kompyutayo inkaika yokha tsiku pamwamba pa makalata awo, ndipo mphunzitsiyo atawerenga anabweza pepalalo. Linati 1 de Janeiro de 2012, tsiku lomwelija la ngozi.

Anakonza tsikulo. M'mawa wotsatira linabwerera. Anakonzanso, linabwereranso, milungu itatu yathunthu, Chaka Chatsopano chikuyandikira. Zóbuè ndi kamalo kakang'ono, ndipo palibe amene anaiwala chapa ija. Anthu anayamba kulambalala khonde la lojayo. Ena ankati makina a Laurindo ndi a anthu akufa.

Chipinda cha lojayo chinali cha a Policarpo, mkulu wake wa malemu. Iwo anati mng'ono wawo akufuna njinga yake, ndipo analamula kuti pofika Lamlungu makinawo atuluke, kiyi abwezedwe. Apa m'pamene mayi Hortênsia anaimba foni. Ndinapita naye Laurindo Loweruka m'mawa, ndipo ndisaname, ndinapita ndi korona wopempherera m'thumba.

Tinapeza anthu ali chiimire kutsidya kwa msewu, nkhungu ili pansipansi. M'loja munali mayi Hortênsia, maso ali psu, ndi a Policarpo atakhala pafupi ndi chitseko. Laurindo analumikiza mawaya, nayatsa. Pangodya pa monitori panatuluka tsiku lija. Ine tsitsi linandiimirira.

Laurindo anangopempha mndandanda wake. Anauwerenga kawiri, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa.

“Kunyado, tandigwirirani chivindikirochi,” anatero kwa ine mlamu wake atazimitsa ndi kuzula mawaya. Pa pulaka-mai anatomola kanthu kobulungira ngati batani la jekete, nakaika pa mita yake, naitana a Policarpo. “Bambo, bwerani muone. Iyi ndi pilya, batire ya wotchi. Iyenera kukhala ndi mavolti atatu, koma pano palibe ngakhale limodzi. Waya ukakhala kukhoma, wotchi imadya magetsi a kukhomako, ngakhale makina atazima. Mukazula, imadalira kameneka. Kakafa, wotchi imaiwala, n'kuyambira pa tsiku loyamba limene inaikiridwa kufakitale. Inteneti muno mulibe yoti iikumbutse.”

“Nanga m'masiku onse a Mulungu, yasankhiranji limeneli?” anafunsa a Policarpo.

“Pulakayi ndi ya 2012. Zinzake zonse zimabwerera pa 1 Janyuwale wa chaka chomwecho. Ndili nazo zinayi ku Moatize. Kulakwa n'kwanga. Ndinaiyesa masiku atatu osaizula kukhoma, ndipo pilyayo sindinailembe.”

“Inachokera kuti pulakayo?” anafunsanso mkuluyo.

 Kunama sadziwa Laurindo ameneyu. “Mu ofesi ya madalaivala, pa kampani ija.”

 Ngakhale ine ndinalakalaka akananama.

Anaika pilya yatsopano, nakonza tsiku, nazimitsa, nazula mawaya onse, nauza a Policarpo kuti awagwire okha m'manja. Tinadikira theka la ola, mvula ikuwaza pamalata. Atayatsanso, monitori inati 16 Disembala 2017. A Policarpo anati abwereze, ndipo anabwereza. Kenaka mkuluyo anadzuka, nayang'ana mlamu wake, mayi Hortênsia, nthawi yaitali.

“Kiyiyo sungani, mlamu,” anatero, natuluka kukauza anthu aja.

Ine ndinkayembekeza nthungululu, koma mayi Hortênsia anangotola pilya yakufa ija patebulo, naimanga pangodya ya chitenje chawo.

“Zaka zonsezi palibe amene ananditchulirapo tsiku limenelija,” anatero motsitsa mawu. “Ngakhale abale akewa. Poyamba ndinkaopa, a Laurindo. Koma sabata yathayi ndinkafulumira kudzatsegula loja, kuti ndidzalione.”

Laurindo anachita chimene amadziwa. Anatenga mndandanda uja nawonjezera mzere pansi. Pilya ya wotchi: yatsopano. Chifukwa: tsiku lisamabwerere m'mbuyo. Atalemba mawu akuti “Mutaya” dzanja lake linaima. Ndamudziwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo sindinamuonepo akusowa cholemba pamenepo.

Mayi Hortênsia anamulanda cholemberacho mwaulemu, naweramira papepalalo, nalemba okha: Silvério.