Funso la kasinthasintha wa mbewu

Mkazi wanga anamwalira chimanga chili m'mawondo, nkhondo ya Azungu ili mkati. Ndinali mphunzitsi pasukulu ya mpingo kufupi ndi Kabudula, ndipo ndinkakhala kwawo ngati mkamwini, ndi mwana wathu wamkazi amene anali atangosiya kuyamwa. Mwambo ndinkaudziwa. Tikakolola adzandisudzula, ine ndidzabwerera kwathu, munda ndi mwana zidzatsala kwa eni mbumba. Kwathu kunali kutali. Wokhala ndi munda pamudzipo ndiye akanakhala pafupi ndi mwanayo.

Mwezi wa Epulo ndinakalemba mayeso okwezera aphunzitsi. Pepala la zaulimi linali ndi funso limodzi lalikulu, logawidwa patatu. Gawo loyamba linafuna zizindikiro za nthaka yoguga. Ndinalemba za chimanga chachikasu chopinimbira, ndi kaufiti wofiira pakati pa mizere. Lachiwiri linafunsa chifukwa chake mtedza uyenera kutsata chimanga. Ndinalemba kuti timatuza ta pamizu yake timawonjezera chakudya m'nthaka, ndipo kaufiti sayamwa mizu ya mtedza.

Gawo lachitatu linati wolemba ajambule munda umene iye amalima, augawe, asonyeze mbewu ya chigawo chilichonse kwa zaka zinayi. Pansi pake panali mawu akuti woyendera sukulu adzabwera dzinja lotsatira kudzaona ngati chaka choyamba chatsatidwa.

Munda wina ndinalibe. Ndinajambula wa mkazi wanga, ndi chulu chake chakumpoto. Fodya, chimanga, mtedza, kenako kuugoneka. Kumunsi, kumene kaufiti anali atakhazikika, ndinayambira mtedza.

Titakolola ndinapita kwa amalume ake a malemuyo, mwini mbumba. Ndinawapeza akusankha fodya m'chigafa pamodzi ndi mlamu wanga. Ndinafotokoza za funsolo ndi za woyendera sukulu. Mlamuyo anaseka, nati sanamvepo kuti munthu apemphe munda chifukwa cha pepala, ndipo kumtunda konse anali atakuwerengera kale fodya wake.

Amalumewo sanasiye kusankha.

"Zaka zinayi, eti aphunzitsi? Kodi mukupempha munda kapena mwana?"

Ndinayankha kuti funsolo linali la munda.

Amalumewo anamaliza kumanga ndindi ya fodya yomwe inali m'manja mwawo. Kenako anati zaka zinayi sangalonjeze, pakuti munda uli ndi eni ake. Koma kumunsi kuja kunalibe wokufuna. Mlamu wanga anavomereza, nati kumeneko ngakhale mbuzi zimangodutsa.

Amalumewo anati, "Limani kumeneko dzinja limodzi. Zosudzula tidzakamba mukakumba mtedza wanuwo."

Ndinapanga mizere mvula isanagwe. Woyendera sukulu anabwera mu Januwale, nazula phata limodzi la mtedza, nayang'ana mizu, nalemba. Za zigawo zitatu zakumtunda ndinamuuza kuti si zanga. Anati adzachotsa mamalikisi, ndipo anachotsadi.

Dzinja limenelo mwana ankagona kwa mayi ake aang'ono, koma m'mawa ankabwera kudzadya phala kwanga.