Manja a Rahma

Rahma anaphunzira kukonza makina osokera kwa bambo ake, ndipo atamwalira, atelala a ku Mandimba anangopitiriza kumabwera pakhonde lomwelo. Manja ake sankaphonya. Vuto linali pakamwa. Anali ndi chibwibwi chiyambire ubwana, ndipo munthu akamuyang'ana m'maso, mawu ankatsamwa pakhosi. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, kuukwati ankakhalabe kumbuyo, kumiphika.

Amayi osoka a ku Ngauma ankamuimbira foni makina akavuta. Iye ankadziwa chochita, koma pofika pomaliza mawu amodzi, winayo anali atatopa kale.

Mlamu wake Ivone, mkazi wa mchimwene wake wogwira ntchito kunjanji ku Cuamba, atabwera kudzacheza anamumva akulimbana ndi foni chotero.

"Alamu, bwanji osangowajambulira vidiyo?"

Rahma anapukusa mutu.

"Nkhope ayi," anatero Ivone. "Manja okha ndi makinawo. Mawu tidzaika pambuyo."

Anakokera makina pafupi ndi zenera kuti kuwala kuzichokera m'mbali. Ivone anagoneka nsungwi pamwamba pa mipando iwiri, n'kumangirirapo foni ndi mphira, diso lake litaloza pa singano. Chitenje cha kapulana chamaluwa chimene anayala poyamba anachichotsa, chifukwa ulusi sunkaoneka, n'kuyala nsalu yakuda. Anagwirizana kuti vidiyo imodzi, vuto limodzi. Anasankha lija limaliza anthu ambiri, la ulusi wopotana kunsi kwa nsalu.

Anajambula mzidutswa zifupizifupi. Choyamba nsalu yotembenuzidwa, chisa cha ulusi chili poyera, kuti woonera azindikire msanga vuto lake. Kenako zala zikukweza kaphazi kopanikiza nsalu, zikusolola ulusi wa pamwamba ndi kuulowetsanso bwinobwino, zikuchotsa fumbi m'nyumba ya bobina, mokhala ulusi wa pansi, ndi kaburashi. Chidutswa cha bobinacho anabwereza kanayi.

Mawu anajambulira kuchipinda, chitseko chotseka, Rahma atafunda bulangete pamodzi ndi foni kuti phokoso la njinga zamoto lisalowe. Chiganizo chimodzi, n'kuima. Likamugwira lilime, ankafufuta n'kuyambanso. Popanda womuyang'ana, zinamutheka kuposa mmene ankaganizira. Ivone analumikiza mawu ndi zithunzi, n'kutumiza ku gulu la atelala la pa WhatsApp. Madzulo ake anakwera minibasi ya shapa kubwerera ku Cuamba.

M'mawa Rahma anaonera vidiyoyo yekha. Atafika pa bobina, anayang'anitsitsa. Pa kachitsulo konyezimira kovundikira bobina pankaoneka mpango wake wobiriwira, chipumi ndi diso limodzi. Anaimitsa, anakulitsa ndi zala. Anali iyeyo.

Anaimbira Ivone.

"Ndi-ndikuoneka! Chotsani!"

"Pagulupo ndachotsa," anayankha Ivone patapita kanthawi, "koma ena atumiza kale kwina. Alamu, ndi kachidutswa chabe. Palibe angaone."

Mtima sunakhale pansi. Kuopa kusekedwa kunalipo, koma chachikulu n'chakuti anali asanamuuze chilichonse mwamuna wake Ismaeli, wogulitsa nyemba kumsika. Tsiku lonse ankangomvetsera mapazi a odutsa. Anathyola singano ziwiri pa makina a eni ake. Foni ikalira ankaibisa pansi pa nsalu.

Ismaeli anafika dzuwa likadalipo, natsamiritsa njinga pakhoma.

"Amayi a Faizali, ndakumvani kumsika."

Rahma anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Telala wa pakona uja, Manueli, amaonetsa anzake pafoni. Amatsutsana. Wina akuti ndi mayi wa ku Mangochi, wina akuti wa ku Lichinga. Ine ndinangokhala chete, koma mawu a m'nyumba mwanga ndingawasowe?"

"A-anandiona?"

"Kukuonani pati? Onse maso anali pa ulusi." Anavula chipewa n'kukhala pampando. "Chandiwawa n'chakuti ndamvera kwa anthu. Mukanandiuza."

Rahma anapepesa, mawu akudukaduka. Ismaeli anadikira mpaka anamaliza, monga ankachitira nthawi zonse, kenako anafunsa ngati adzajambulenso ina. Rahma anati sakudziwa.

Patapita masiku atatu, Ivone anamutumizira vidiyo imene inabwera pagulu. Inachokera kwa mayi wina wa ku Massangulo, dzina lake Débora. Naye sanaonetse nkhope. Ankangoloza ndi chala singano imene inkadumpha misoko, akufunsa motsitsa mawu ngati mayi wa manja uja angathandize.

Rahma anaionera kawiri. Anaona kuti singanoyo inalowa mozondoka, mbali yake yaphwatalala italoza kolakwika. Anayesa kuganiza zongouza Ivone kuti ayankhe, koma Ivone za makina sankazidziwa.

Kenako anamata pepala pa kachitsulo konyezimira kaja, anachotsa lumo ndi chilichonse chowala patebulo, n'kuitana Ismaeli kuti amugwirire nsungwi pamene akumanga foni.