Kabotolo ka Kuseri kwa Makina

Amuna anga anali telala. Ankasoka pa khonde la sitolo ya bambo wina wa Chisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi, ndipo ife tinkakhala ku Nabvutika. Inali nthawi ija tauni yathu itangosiya dzina la chitsamunda n'kuyamba kutchedwa Chipata. Masukulu ankatsegulidwa paliponse, motero ntchito ya mayunifolomu inali yosatha. Pa khondelo panali makina awiri. Enawo anali a telala mnzawo, munthu wamkulupo, wolankhula motsitsa, amene makasitomala ake ambiri anali atasamukira kwa amuna anga. Ine sindinkamukonda. Ankamwetulira kwambiri.

Chaka china, mvula itangoyamba, diso lamanja la amuna anga linafiira ngati magazi. Linkawawa mpaka m'mutu, ndipo kuwala kwa dzuwa sankakufuna n'komwe. Tinakwera basi kupita kuchipatala cha mishoni, kumene dokotala wina wachizungu, sisitere wolankhula Chinyanja chopotoka, anatiuza kuti m'kati mwa diso mwatupa. Anatipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza, amene anawatcha kotizoni. Anati tizichepetsa madontho pang'onopang'ono, ndipo tibwerenso kuti adzapime disolo ngakhale litachira.

Mankhwalawo anagwira ntchito modabwitsa. Sabata isanathe diso linayera, ululu unatha, makina anayambanso kulira. Zobwerera kuchipatala amuna anga anazikana. Anati ulendowo umadya tsiku lonse, mayunifolomu akudikira, ndipo munthu wochira sapita kukadzionetsa.

Kabotolo katatha, kufiira kunabwerera, ndipo kunayambanso m'diso linalo. Apa m'pamene telala mnzawo uja analowererapo. Mng'ono wake ankayendetsa lole ya ku Lusaka, ndipo ankadziwa sitolo imene inkagulitsa mankhwala omwewo popanda kufunsa zambiri. Kuyambira pamenepo kabotolo sikankasowa. Amuna anga ankakasunga kuseri kwa makina, n'kumadontheza m'maso onse awiri m'mawa, masana ndi madzulo. Akangomva kuyabwa pang'ono ndi fumbi la nsalu, dontho. Dzinja linatha, lina linabwera n'kutha, iwo akudonthezabe.

Ine ndinayamba kuona zinthu zing'onozing'ono. Ankagunda mphuthu ya chitseko ndi phewa. Ndikawaikira kapu ya tiyi chapambali, ankaifunafuna ili pomwepo. Tsiku lina anatsala pang'ono kugundidwa ndi njinga pafupi ndi msika, n'kumanena kuti wanjingayo anangotulukira osaoneka. Kenako anayamba kutembenuza makina kuti afulatire dzuwa, chifukwa kunja kukawala ankaona ngati utsi. Kulowetsa ulusi m'singano kunkawatengera nthawi. Koma maso awo anali oyera, osawawa, ndipo ndikafunsa ankangoti ndi kutopa.

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Madzimoyo ndi thumba la mtedza, anaona mwana wawo akupapasa lumo patebulo. Anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundifunsa amene amabweretsa mankhwalawo. Ndinawauza.

"Munthu amene mwamulanda makasitomala ndiye azikupatsani zothira m'maso?" anatero. "Inu, apongozi, mumaona kabotoloko kasanatsegulidwe?"

Ndinali ndisanakaonepo kali kotseka. Mawu amenewo anakhazikika mumtima mwanga chifukwa anapeza malo okonzeka kale. Ndinayamba kupita kukhonde kuja ngati ndikupereka chakudya, koma maso ali pa bamboyo. Ndinaona kuti amuna anga akapita kutchalitchi kukapemphera pemphero la Angelo masana, iye amatsala yekha ndi makina onse awiri. Ndinaona kuti mayi wina amene tinkamusokera madiresi tsopano wakhala pa benchi ya mnzathuyo. Ndinanunkhiza kabotoloko, ndinadonthezapo pa chala n'kulawa. Kanali kowawira pang'ono, madzi ake otuwa ngati mkaka wosungunula. Sindinadziwe ngati kanali kotero kuyambira kale.

Amuna anga nditawauza maganizo angawa anakwiya. Anati mnzawoyo ndi amene wakhala akuwalowetsera ulusi m'singano miyezi yonseyi osauza munthu. Kwa ine zimenezo zinangowonjezera chikayikiro. Ndinkadzifunsa kuti bamboyo akubisa zimenezi chifukwa chiyani.

Ndinaumirira mpaka analola kubwerera kuchipatala. Kabotolo ndinakamanga pa mfundo ya chitenje, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti sisitere uja akangokaona adzanena kuti muli zina. Anatikumbukira. Anagoneka amuna anga chagada, anawathira mankhwala ochititsa dzanzi m'maso, n'kuika kachitsulo kokhala ndi muvi pamwamba pa diso lililonse. Nkhope yake inasintha. Kenako anaunika m'kati ndi katochi kwa nthawi yaitali.

Ndinamasula mfundo ija n'kumupatsa kabotoloko. Ndinamufunsa mosabisa ngati munthu wina wathiramo kanthu. Anawerenga zolembedwa, anakagwedeza, anadontheza pa dzanja lake.

"Mayi, awa ndi mankhwala enieni, omwe aja ndinakupatsani ine. Palibe wathiramo kanthu. Achita zimenezi ndi mankhwalawa."

Anafotokoza kuti kotizoni amazimitsa kutupa, ndipo pakanapanda iye diso lija likanawonongeka kalekale. Koma mwa anthu ena, akamuthira nthawi yaitali, madzi a m'kati mwa diso satuluka bwino. Diso limalimba, ndipo kulimbako kumafinya mtsempha woonera mwakachetechete, popanda ululu, kuyambira m'mbali. Ndiye chifukwa chake ankafuna kuti tibwere kudzapimitsa. Utsi umene ankaona padzuwa unali ng'ala, imene mankhwala omwewo anayambitsa. Ng'alayo anati ikhoza kuchotsedwa. Koma mbali imene mtsempha unafa sidzabwereranso.

Amuna anga nawo anayamba kukayikira sisitereyo. M'basi pobwerera anandinong'oneza kuti ngati mankhwalawo ndi oipa, n'chifukwa chiyani wawauza kuti asasiye lero lomwe, koma azichepetsa pang'onopang'ono? Ndinawakumbutsa zimene ananena, kuti kusiya mwadzidzidzi kungadzutse kutupa kuja. Sisitereyo anali atawapatsanso mapiritsi otsitsa madzi a m'diso, amene ankawachititsa kunyerenyetsa m'zala, ndipo ndinkachita kuwayang'anira kuti ameze. Tinapita kukapimitsa mobwerezabwereza, ndipo kulimba kuja kunatsika.

Apongozi sanakhulupirire. Anati mzungu angaone bwanji za ku Chipata kuno ndi katochi. Nkhani yoti telala uja anathira kanthu m'kabotolo inafalikira ku Madzimoyo, kenako inabwerera m'tauni, mpaka inafika pa khonde lija. Mwini sitolo anayesa kuwakhazika pansi awiriwo, koma telala uja sanadziteteze. Anangonena kuti iye ankaganiza kuti akuthandiza. Mwezi utatha anakweza makina ake pa lole ya mng'ono wake n'kupita ku Katete.

Patapita nthawi amuna anga anachotsedwa ng'ala, n'kupatsidwa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Diso lamanja linangotsala ndi kuona kwa pakati, ngati munthu wosuzumira m'paipi. Lamanzere linapulumuka bwinopo. Anasokabe kwa zaka zambiri, koma zodula nsalu ndinaphunzira ine, ndipo ndinakhala pa malo a makina aja anachoka.

Za bambo uja sitinkazikamba m'nyumba mwathu. Ndikamutchula, amuna anga ankadzuka n'kutuluka panja. Ndinamuonanso kamodzi pa siteshoni ya basi, atakalamba, atanyamula mpukutu wa nsalu ya khaki. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa za maso a mnzake. Ndinamuuza kuti akuona, akusoka. Anati zikomo, n'kukwera basi yake.