Mafuta a m'Chitini Chakale

Nthawi ya nkhondo, agogo anga, amene ankandilera, ankakazinga chinangwa pachipata cha sukulu ku Metangula. Ndi chinangwa chimenecho chimene chinkatidyetsa. Mafuta ankabwera pa ngalawa kuchokera ku Likoma, ndipo mwezi wina ngalawa sinabwere. Otsala m'chitini anali atada, akuchita thovu, akununkha.

Amayi ogulitsa pafupi nafe anati, “Sefani pansalu, anganga. Mwana wanjala samanunkhiza.”

Agogo anasefa, nakazinga kagawo kamodzi, n'kulawa okha. Anatafuna nthawi yaitali, kenaka analavulira kumbali.

“Akereketa pakhosi. Ana a eni ake sindingawapatse.”

Kuyambira tsikulo tinkagulitsa chophika, chovundikira m'beseni, pa theka la mtengo. Ana ambiri anasamukira kwa anzathu, ndipo kwathu tinayamba kudya kamodzi patsiku.