Mpongozi m'kalasi ya mkamwini wake

A Dorika, amake Sungeni, akhala akukolopa pachipatala chaching'ono chakwathu kuyambira ine ndili kupulaimale. Ndi mayi wamtali, wosakonda zocheza panjira, ndipo chitenje chawo simungachipeze ndi kadontho ngakhale nthawi ya dzinja, matope ali ponseponse. Chimene ankachilakalaka n'chimodzi: kusiya chokolopera n'kukhala mlangizi wa zaumoyo, woyenda m'midzi ndi sikelo ya ana. Koma ntchitoyo imafuna satifiketi ya Folomu 4, ndipo iwo Bayoloje inali itawagwetsa kawiri. Amuna awo ananenetsa kuti chaka chimenecho n'chomaliza. Akalepheranso, masana onse azikathera kumunda wa kachewere.

Ine ndimagulitsa tomato pa Linthipe. Ndinkakhala benchi imodzi ndi a Dorika kusukulu ya masana, kumene timapita ife amene sukulu inatisiya panjira. Tsiku loyamba, mphunzitsi wa Bayoloje atalowa, ndinaona a Dorika akukokera mpango kumaso. Anali a Zikhalo, mwamuna wa Sungeni. Kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Tsopano apa mupatukira kuti, chipinda chake chimodzi, chitseko chimodzi?

A Zikhalo anapeza njira yawo yaulemu. Pofunsa mafunso ankayenda mzere ndi mzere, koma akafika pa benchi yathu ankafunsa ine, kenako maso kudenga, n'kulumphira benchi yakumbuyo. Teremu yonse a Dorika sanafunsidwepo kanthu. Kalasi inkaseka chamumtima, ine ndinkapsa mtima, chifukwa mafunso a anthu awiri ankagwera ine ndekha.

Kuwerenga kokha ankawerenga, zimenezo ndisaname. Kope lawo linali lokongola kuposa la aliyense, mitu yolembedwa mzere wofiira kunsi, ndipo tonse tikajomba tinkakopera kwa iwo. Pa nthawi yopuma kuntchito ankalitsegula n'kuyamba tsamba loyamba mpaka lomaliza, mawa lake chimodzimodzi. Mukawafunsa ankati, “Zonsezi ndikuzidziwa, ndikangoona tsamba ndimadziwa chili m'munsi mwake.”

Tsiku lina a Zikhalo anatiphunzitsa kawerengedwe kena. Anati maso akazolowera tsamba, munthu amayesa kuti mutu wagwira, chonsecho wangolizindikira ngati nkhope ya munthu wapamsika amene dzina lake sulidziwa. Anati mutu uliwonse wa m'notsi tiziusandutsa funso, funso kutsogolo kwa pepala, yankho kuseri, ndipo tiziyankha kope lili chitsekere tisanasuzumire. Anatenga mzere wonena kuti chipinda cham'munsi chakumanzere kwa mtima chili ndi khoma lochindikala, n'kuulemba pabolodi ngati funso: chifukwa chiyani khomalo n'lochindikala kuposa lakumanja? A Dorika anandinong'oneza kuti kumeneko n'kuwononga mapepala. Komanso, anatero, munthu wamkulu angamadzifunse yekha mafunso ngati wazungulira mutu?

Mayeso oyeserera anabwera mwezi wozizira, chifunga chili tolo m'mapiri. Pobweza mapepala, a Zikhalo anaitana aliyense ndi dzina, koma la apongozi awo anandipatsa ine, lopindidwa kanayi. A Dorika analitsegulira pansi pa desiki. Naini, giredi ya wolephera. Theka la mafunso linali losayankhidwa, ndipo amene anachonga ndi inki yofiira, tsamba ndi tsamba, anali mwamuna wa mwana wawo. Ine ndinachita manyazi ngati pepalalo linali langa. Iwo analipindanso n'kuliika m'chikwama, ndipo sabata yotsatira pa benchi ndinali ndekha.

Ndinakawapeza Loweruka kuseri kwa chipatala akuchapa zokolopera. Sanandiyang'ane.

“Iwe Victoria, ine ndiye ndatha. Ndizidya bwanji m'nyumba mwa mwana wanga, mwamuna wake akudziwa kuti m'mutu muno mulibe kanthu?”

“Mayi, kope lija mumalidziwa. Tandiuzani, khoma la mtima lija n'lochindikala chifukwa chiyani?”

Anatsegula pakamwa. Anati lili patsamba lakumanja, pansi pa chithunzi cha mtima, ndipo mzere wake ndi wofiira. Zonsezo anakumbukira, koma yankho lenilenilo silinabwere. Anakhala pansi pa chidebe chovundikira n'kugwira kukamwa.

“Ndiye miyezi yonseyi ndimatani ine?” anafunsa, koma sankafunsa ine.

Tinayamba tsiku lomwelo, mokwiya tonse awiri. Tinagwirizana kuti tsiku lililonse la kalasi, notsi za tsikulo azizisandutsa mafunso asanaphike chamadzulo. M'mawa mwake pa nthawi yopuma aziyankha papepala lina kope lili m'chikwama, kenako n'kutembenuza kuti aone. Limene alakwa aziika kamtanda, libwerenso mawa. Limene akhoza lidikire mpaka Lachinayi. Loweruka azibwera pa benchi yanga ya tomato, ine n'kusakaniza mafunso a sabata imeneyo ndi a masabata akale, a mtima, a masamba a zomera, a impso, osatsata dongosolo la m'kope. Lamulungu n'kutchalitchi basi.

Masabata oyamba zinali zomvetsa chisoni. Timitanda tinali mbwee. Ankadandaula kuti kale akawerenga ankagona mtima uli m'malo, pamene tsopano tsiku lililonse amadziona umbuli wawo. Kasitomala akayandikira ankasintha nkhani msangamsanga n'kuyamba kufunsa mtengo wa tomato, kuopa kuti anthu angamve mayi wamkulu ngati iwo akukanika funso la ana. Koma timitanda tinayamba kuchepa, ndipo Loweruka lina anandiyankha za khoma lija asanakhale n'komwe pansi: chipinda chimenecho chimapopa magazi kupita thupi lonse, pamene chinzake chimangowafikitsa kumapapo.

Atabwerera kusukulu anachita chinthu chimene mpaka lero anthu amachikamba. A Zikhalo atafika pa benchi yathu n'kuyamba kuyang'ana kudenga, a Dorika anatsika pa benchi n'kugwada, nkhope atalozetsa kukhoma.

“Aphunzitsi, pepani. Musamandidumphe.”

Kalasi yonse inatembenukira ku benchi yathu. A Zikhalo thukuta linatuluka kuzizira konse kuja. Anafunsa kuti ndi mtsempha uti umene umachotsa magazi kumtima kupita nawo kumapapo. A Dorika anatchula dzina la umene umabweretsa magazi kuchokera kumapapo. A Zikhalo, choko chili m'manja, ndinaona kuti akufuna kungoti “chabwino” n'kupitirira.

“Ayi, amayi,” anatero potsiriza. “Mwalakwa.”

Sindinaonepo anthu awiri akuchita manyazi chotero. A Dorika anabwerera pa benchi n'kulemba funsolo papepala la mawa. Kuyambira tsiku limenelo ankafunsidwa ngati wina aliyense, ndipo ankalakwa pamaso pa ana a msinkhu wa Sungeni, mwina kawiri pa tsiku.

Zotsatira za mayeso a Folomu 4 zitatuluka, pa Bayoloje ine ndinapeza seveni, iwo sikisi. Tinakaonera limodzi kusukulu. Ndinayamba kulumpha ndi kululutira, koma iwo anandigwira mkono kuti ndisiye. Anakhala pakhonde la ofesi n'kuyamba kulira mwakachetechete. Ndinawafunsa chimene akulirira, poti kumunda wa kachewere apulumuka ndipo kalata yofunsira ntchito ija tsopano atha kulemba.

“Ndikadalola kulakwa pamaso pa anthu kalekale,” anatero akupukuta m'maso, “bwenzi nditasiya kukolopa msana usanayambe kupweteka.”