Shawa ya apongozi

Chaka chimene tinalowa m'nyumba yathu ku Area 25, amuna anga anagula shawa yamagetsi, ija imatenthetsa madzi pomwepo. Bambo awo amabwera kuchokera ku Dowa, ndiye amuna angawo ati adzaone kuti mwana wawo sasambanso m'ndowa.

Wamagetsi wa kutchalitchi kwathu anawerenga pa katoni. “Mawati 7,000. Tikagawa ndi mavoti 230, ndi maampu 30. Pakufunika waya wa 6 mili wakewake kuchokera pa bolodi ya magetsi, buleka ya maampu 32, ndi waya wa ethi woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi.”

“Waya ndi waya,” anatero amuna anga munthuyo atapita. Anatenga wa 2.5 wotsala pa masoketi, nkumulumikiza pa buleka ya 20.

Shawa inkagwira, inde, koma ukangodzola sopo bwinobwino, thapu! Buleka yagwa. Ine ndinasanduka mlonda wa bolodi. Iwo kubafa akukuwa “Kwezanso!”, ine ndikukweza. Mayi wa ana atatu, sukulu ndinapita!

Kutatsala tsiku limodzi kuti apongozi afike, amuna anga anabwera ndi buleka ya 40. “Ija inali yamantha,” anatero. Wamagetsi uja anali atanena kuti buleka imagwa pofuna kuteteza waya kuti asapse. Ndinawakumbutsa. Ati mawu a akazi.

Apongozi analowa kubafa m'mawa. Madzi otentha osatha, anali asanawaonepo. Anayamba nyimbo ya m'buku, mavesi onse, nkubwerezanso. Buleka ili chiimire, amuna anga apita kukagula buledi akunyada.

Ndinamva fungo. Ndinathamangira pa mbaula, nyemba zili bwino. Pobwerera ndinaona utsi ukutuluka m'siling'i, pomwe padutsa waya paja. Nyumba yomanga zaka zisanu ndi ziwiri, njerwa zake ndinasenza ndekha pamutu!

Tsono kwathu mtengwa sakuwira apongozi aamuna, ndiye ali kubafa? Ndipo mlendo sumuzimitsira madzi osamuuza. Ndinagwada pakhomo la bafa, nkuomba m'manja pang'onopang'ono.

“Zikomo, abambo.”

Nyimbo.

“Zikomo, abambo. Pepani, nyumba ikupsa.”

“Ndamva, mwananga. Ndingotsukuluza.”

Aaa, ulemu unandithera pompo. Ndinadzuka nkugwetsa switchi yaikulu. Madzi ozizira a mu Juni anawatsikira pamsana, ndipo mawu amene anatuluka m'bafamo sanali a m'buku lija.

Wamagetsi uja atabwera anatsitsa waya m'siling'i, pulasitiki wake atasungunuka ngati phula, thabwa lili bii. Wayayo anangomupereka kwa amuna anga, apongozi akuyang'ana. Tsiku lomwelo analowetsa wa 6 mili ndi buleka ya 32.

Mawa lake ndinagwadanso. “Abambo, shawa yakonzedwa.”

“Ndipatse ndowa,” anatero. “Komanso iwe, tsiku lina moto ukabuka, usadzagwade. Amene agwade ndi uyu.” Analoza mwana wawo, yemwe anali kale pa mbaula kuwatenthetsera madzi.