Vidoje Woombera Mitambo ndi Madontho Okwera

Vidoje Lazović anali munthu wovuta kuyenda naye, chifukwa ankayenda maso ali kumwamba. Ku tchalitchi, ku maliro, ngakhale pa ukwati wa mwana wake, mukamufuna mumupeza panja, khosi atalipinda, akuwerenga mitambo. Mkazi wake Dobrila ankati anakwatiwa ndi chibwano, pakuti nkhope ya mwamunayo sankaiona kawirikawiri.

Ntchito yake ndiyo inamupinda khosi chonchi. Kwathu kuno kumapiri a ku Serbia, nyengo yotentha anthu amadalira malina, timabulosi tofiira tofewa tomwe matalala akangogwa kanthawi kochepa timasanduka phala. Ndiye m'midzi yambiri muli kanyumba kosungiramo maroketi, ndi munthu woombera. Mtambo woopsa ukamabwera, a ku ofesi yoona zanyengo amauona pa makina awo n'kuitana pa wailesi yolankhulirana. Amatchula mbali yoloza ndi maroketi angati, woomberayo n'kuombera. Mankhwala a m'roketimo akuti amachititsa kuti matalala abadwe ambiri koma ang'onoang'ono, asungunuke asanafike pansi. Vidoje anayamba ntchitoyi tsitsi lisanachite imvi, ndipo ankainyadira kuposa munda wake wa zipatso za maplamu.

Kanyumbako kanamangidwa m'munda wa Radenko, kum wa Vidoje, kutanthauza munthu amene anaimira ukwati wake n'kubatizitsanso ana ake. Anthu otere poitanana amati kume, ndipo kwathu kum sumukwezera mawu, ngakhale atakuponda chala. Radenko ankalima malina ambiri, ndipo chaka chapitacho matalala anamupululira theka la munda.

Tsiku lina Radenko anabwera kunyumba kwa Vidoje nkhope ili ndwii. Dobrila anamuikira khofi ndi kagalasi ka rakiya, kachasu wathu wa maplamu, koma iye sanakhudze. Anangotulutsa foni n'kuikankhira pa tebulo.

"Kume, taonani ichi. Chazungulira mudzi wonse."

Chinali chithunzi cha galafu chomwe wina anachijambula pa foni yake n'kutumiza m'gulu la alimi. Panali madontho ambirimbiri. M'munsi munalembedwa kuti maroketi oomberedwa, m'mbali munalembedwa kuti minda yoonongeka ndi matalala. Madonthowo ankakwera kuchokera kumunsi kumanzere kupita kumwamba kumanja, ndipo wina anadutsitsapo mzere wofiira kuti ngakhale wamaso ofooka asaphonye.

"Dontho lililonse ndi mudzi," anatero Radenko. "Mukaombera kwambiri, matalala ambiri. Si ine ndanena, ndi manambala. Zaka zonsezi mwakhala mukutiitanira miyala pamutu, kume."

"Ine?"

"Sindikunena kuti mwadala. Koma Lamulungu lino ndikufuna kiyi wa kanyumba kaja. M'munda mwanga simuomberedwanso kanthu."

Munthu wina akanapsa mtima. Vidoje anavala magalasi, chithunzicho n'kumachikulitsa ndi zala ngati mwana amene wapatsidwa choseweretsa.

"Mudzi wathu ndi dontho liti pamenepa?"

"Ndidziwa bwanji ine?"

"Nanga ndi za chaka chiti? Analemba ndani? Pamwambapa pakuoneka kuti panali mawu, koma anawadula."

"Mukufunsa ngati wapolisi bwanji? Mzerewo simukuuona?"

Mzerewo ankauona ndithu, ndipo unamulowa mumtima. Radenko atapita, Vidoje anakhala pakhonde mpaka khofi anazizira. Mantha anali nawo, kuti mwina moyo wake wonse wakhala akuononga minda ya anzake uku akudzitama. Koma pansi pa manthawo panali kuyabwa kwina komwe anabadwa nako, kofuna kudziwa basi.

M'mawa mwake anavala jekete la ku tchalitchi n'kukwera basi kupita ku ofesi yoona zanyengo. Mayi Slavica, amene mawu awo anawamva pa wailesi zaka zambiri, anali asanawaonepo. Ankaganiza kuti ndi chimayi chachitali. Anapeza kamayi kakafupi kakudya buledi ndi tchizi pafupi ndi makina.

"Ndinu a Vidoje? Aja oyankha ndisanamalize kuitana?" anaseka mayiwo. "Khalani pansi. Chithunzicho ndachiona, ngakhale apongozi anga anditumizira."

"Ndiye n'chabodza eti?"

"Sindikudziwa amene anachipanga, koma manambala athu nditawaika chonchi, madontho angakwerenso. Bodza lili pa zimene anthu akuwerengapo. Tandiuzeni, mumaombera liti?"

"Mukandiuza inuyo."

"Nanga ine ndimakuuzani liti?"

Vidoje anayang'ana mapu a pakhoma. Midzi ya m'munsi mwa phiri, komwe mitambo yakuda imakonda kutsikira, ankaidziwa ndi mayina. Woombera wa kumeneko sapuma. Midzi ya kuchigwa chakum'mawa, oombera ake amatha nyengo yonse akusewera makadi.

"Mtambo," anatero pang'onopang'ono. "Mtambo ndiwo umabweretsa matalala, womwewonso ndiwo umandiomberetsa. Kumene mitambo yoipa imadutsa kawirikawiri, zonse ziwiri zichuluka pamodzi."

"Basi. Koma mtambowo pa chithunzipo palibe. Pali ana ake awiri okha, ndiye anthu akuti wina anabereka mnzake. Ndikajambula maambulera otsegulidwa ndi matope a mumsewu, madontho akweranso."

Vidoje anaseka mpaka kugunda tebulo. Mtima unakhala pansi. Akanatsanzika pomwepo, bwenzi zonse zitayenda bwino, koma munthu uyu sankadziwa posiyira funso.

"Ndiye ndipatseni chithunzi china, chosonyeza kuti maroketi amathandiza. Ndikawatseke pakamwa a kum."

Mayi Slavica anaika buledi uja pansi.

"Chimenecho ndilibe, bambo."

"Mulibe bwanji?"

"Mtambo mukauombera matalala n'kugwa ochepa, tidziwa bwanji kuti sakanagwa ochepa okha? Akagwa ambiri, tidziwa bwanji kuti sakanaposa pamenepo? Kuti tidziwe, tikanatenga mitambo yoopsa yambirimbiri, n'kumachita mayere, uwu tiombere, uwu tiusiye, kwa zaka zingapo, kenako n'kuyerekeza. Kumayiko ena anayesapo, akatswiri mpaka lero amakanganabe. Ena akuti zimathandiza, ena akuti sizikuoneka. Ine ndimakhulupirira kuti zimathandiza, koma kukhulupirira kwanga si umboni."

"Nanga bwanji osachita mayerewo kuno?"

"Mtambo wosiyidwawo udutse pa munda wa ndani?"

M'basi pobwerera, Vidoje sanayang'ane kumwamba ngakhale kamodzi. Atafika anamufotokozera Dobrila zonse, za mtambo, za maambulera, mpaka za mayere. Dobrila anamvetsera akusenda anyezi.

"Za maambulerazo mukawauze," anatero. "Zotsalazo mumeze. Mwamva, bambo? Mumeze ndi madzi."

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Radenko anabwera monga ananenera. Ulendo uno rakiya anamwa. Vidoje anatola maplamu ouma m'mbale n'kuwandandalika pa tebulo, awa midzi ya m'munsi mwa phiri, awa ya kuchigwa, mbale ya shuga n'kukhala mtambo. Anayendetsa mbaleyo pamwamba pa maplamu a kuphiri kangapo, pa a kuchigwa kamodzi. Radenko si munthu wopusa. Anakanda mutu, n'kuseka pang'ono.

"Ndiye kuti galu wauwa chifukwa wakuba wabwera, ife n'kumati galu ndiye waitana wakuba."

"Ndi zomwezo, kume."

"Chabwino. Chithunzichi ndachitaya." Anaika foni m'thumba. Ku khitchini, mtima wa Dobrila unakhala pansi. Kenako Radenko anamuyang'ana mnzakeyo m'maso. "Koma tsopano ndikufunseni monga kum wanu, amene ndinanyamula ana anu pa ubatizo. Maroketiwa amateteza munda wanga?"

Dobrila anagwetsa supuni mwadala. Vidoje anaimva. Mawu amodzi okha akanakwanira, ndipo Radenko akanawalandira osafunsanso. Koma kum sumunamiza, ndiponso Vidoje anali atangophunzira kumene kusiyanitsa chimene akudziwa ndi chimene akungofuna kuti chikhale choona.

"Sindikudziwa," anatero. "Chithunzicho sichikusonyeza kuti amaononga. Koma chosonyeza kuti amathandiza ndilibe."

"Zaka zonsezi, ndipo simukudziwa?"

"Ndimaganiza kuti ndikudziwa."

Radenko sanakwiye, ndipo zimenezo ndiye zinapweteka kwambiri.

"Anthu akundinena, kume. Akuti ndikusunga chida chowaphera minda. Mukanati amathandiza, ndikanalimbana nawo onse, mbale ya shugayi ndikanapita nayo khomo ndi khomo. Koma ndikalimbane ndi mudzi wonse chifukwa cha 'sindikudziwa'?"

Anatambasula dzanja. Vidoje anamasula kiyi pa lamba n'kumupatsa. A ku ofesi anati afunafuna malo ena omangapo kanyumba, koma m'mudzimo panalibe wofuna kupereka ngakhale pogona mbuzi. Dobrila sanamulankhulitse mwamuna wake mpaka Lachitatu, ndipo atayamba kulankhula, Vidoje analakalaka chete uja.

Malina anapsa bwino chaka chimenecho. Mizere ya Radenko inafiira psuu, otchola anali atayamba kale. Masana ena kunatentha modabwitsa, mbalame zonse zii, kenako kuseri kwa phiri kunadzuka mtambo wakuda bii, mimba yake yobiriwira. Vidoje anauzindikira asanauyang'ane kawiri. Wailesi, imene anali asanabweze, inalira pa windo. Mayi Slavica ankaitana midzi ya m'munsi mwa phiri umodziumodzi, ndipo mwachizolowezi anatchulanso wake.

Vidoje anainyamula. "Kuno kulibe woombera, mayi."

"Pepani, bambo Vidoje. Ndinaiwala."

Anatuluka n'kuima pabwalo manja ali lende. Kumidzi ina maroketi ankamveka akukwera. Kutsidya, Radenko ndi banja lake ankathamanga ndi mabokosi a malina kulowetsa m'shedi. Dobrila anabwera n'kuima pambali pake, akudzilemba mtanda.

"Pempherani, inu. Mwangoti kakasi bwanji?"

Vidoje anayesa, koma pemphero linakana kutuluka. Matalala akagwa, mawa mudzi wonse ubwera kudzamupepesa, kiyi abweza, ndipo anthuwo adzakhala atalakwitsa, pakuti mtambo umodzi sunena kanthu. Akapanda kugwa, adzati chithunzi chija chinanena zoona, ndipo adzakhala atalakwitsanso. Anachita manyazi kwambiri pozindikira kuti kambali kena ka mtima wake kankafuna agwe.

Dontho loyamba linamenya denga lamalata, lolemera, losadziwika ngati ndi madzi kapena mwala. Vidoje anavula jekete, n'kumupatsa mkazi wake.

"Mukupita kuti mvula ili pamutu?"

"Kukanyamula mabokosi a kum," anatero, n'kuyamba kuthamanga.